Wapeza chiyani? Funso la tsamba loyamba la lipoti la kafukufuku

Mwana wa mlongo wanga anafika kwathu Lamulungu lina madzulo, laputopu ili m'chikwama, maso ali psuu chifukwa chosagona. Anali m'chaka chomaliza ku yunivesite, ndipo lipoti la kafukufuku wake linkafunika Lachitatu. Mitu yonse isanu inali itatha. Chinatsala ndi tsamba limodzi lokha la kumayambiriro, limene ophunzira amalitchula kuti abusitirakiti, ife tingoti chidule cha kafukufuku. Supavaiza wake anali atamubwezera tsambalo kawiri. Ulendo wachiwiri sanakonze kalikonse, anangolemba funso limodzi m'mphepete: "Wapeza chiyani?"

"Amalume, taonani. Ndalembamo zonse, koma akuti palibe chomwe ndanena."

Ndinawerenga. Mawu anali oposa 400 pomwe malire anali 250. Ndime yoyamba inkanena za kufunika kwa ulimi pa chuma cha dziko lino. Yachiwiri inkatchula zimene akatswiri ena analemba. Yachitatu inkafotokoza mmene anasankhira anthu ofunsidwa. Kumapeto kwenikweni kunali chiganizo chimodzi chonena kuti zotsatira zafotokozedwa m'mutu wachinayi ndipo malangizo aperekedwa. Supavaiza uja sanalakwe. Mwanayu anagwira ntchito ya miyezi yambiri, koma pa tsamba limene anthu ambiri adzawerenge, anabisa chinthu chimodzi chimene anthuwo adzabwerere.

Ndinamufunsa ngati akukumbukira nthawi imene agogo ake anagonekedwa m'chipatala, tikumatuma munthu kukawaona. Wotumidwa akabwera, anthu amakhala ali pakhonde kudikira mawu amodzi: ali bwanji? Ndiye yerekezani wotumidwayo ayambe kufotokoza kuti minibasi inachedwa kudzaza, pa rodibuloko anawaimitsa, m'chipatalamo mwadzaza anthu masiku ano, adokotala ndi anthu ofunika kwambiri, kenako n'kumaliza ndi kuti za odwalawo ndidzafotokoza bwino mawa. Angamutumenso ndani? Wodziwa kupereka uthenga amati: ndinawapeza, malungo atsika, adya phala, adokotala akuti awaone masiku awiri. Ulendo wonse wa tsiku lathunthu watha m'mawu khumi, ndipo aliyense wadziwa chochita. Chidule cha kafukufuku ndi uthenga wa mtundu umenewu.

Chimene chimapangitsa tsambali kukhala lovuta n'chakuti limayenda lokha. Lipoti la masamba 50 limamangidwa chikuto cholimba n'kuikidwa pa shelefu mu laibulale, kapena limasungidwa m'makompyuta a yunivesite. Wophunzira wa chaka chotsatira, kaya ku Bunda, ku Zomba kapena ku Mzuzu, akamafufuza ngati wina anagwirapo kale mutu umene iye akufuna, sawerenga malipoti makumi awiri kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza. Amawerenga zidule, n'kusankha awiri kapena atatu oti atsegule. Pa intaneti ndiye n'kwambiri: malo ngati PubMed kapena African Journals Online amakuonetsani mutu ndi chidule, ndipo nthawi zambiri owerenga amathera pomwepo. Ngakhale mphunzitsi wochonga amayambira pa tsamba lomweli, ndipo akamatsegula mutu woyamba amakhala ataganiza kale ngati wolembayo akudziwa chimene wachita.

Malire a mawu amasiyana malinga ndi dipatimenti. Buku la kalembedwe la APA, limene madipatimenti ambiri a zamaphunziro ndi zachikhalidwe cha anthu amatsatira, limanena kuti chidule nthawi zambiri chisapitirire mawu 250. Ena amalola 300. Chofunika ndi kufunsa ku dipatimenti kwanu musanalembe, osati kutengera mnzanu wa kosi ina. Azachipatala ali ndi kachitidwe kawokawo. Mu 1987 magazini ya madokotala ya ku America yotchedwa Annals of Internal Medicine inayambitsa chidule chokhala ndi timitu, kuti cholinga, njira, zopeza ndi mfundo yomaliza zizioneka padera. Anachita zimenezi pofuna kuti dokotala wotanganidwa aziona msanga ngati kafukufuku ndi wodalirika. Magazini ya Malawi Medical Journal imatsatira njira yotereyi. Madipatimenti ena amafuna ndime imodzi yopanda timitu, koma mafupa ake ndi omwewo anayi, kungoti aphimbidwa ndi mnofu.

Kuti tione bwino, tiyeni titenge kafukufuku wongoyerekeza. Manambala ake ndawapeka ndekha kuti tiphunzirirepo, wina asakawatenge ngati zopeza zenizeni. Wophunzira wa zaulimi akufuna kudziwa njira yosungira chimanga imene imateteza bwino kwa anankafumbwe. Akuyerekeza njira zitatu. Yoyamba ndi thumba wamba lopanda mankhwala. Yachiwiri ndi thumba wamba lothiridwa mankhwala a ufa, aja ambirife timangowatchula kuti akiteliki. Yachitatu ndi thumba la PICS, limene linapangidwa ndi akatswiri a ku yunivesite ya Purdue ku America. Thumbali lili ndi mapepala awiri a pulasitiki m'kati ndi saka kunja. Likamangidwa bwino mpweya sulowa, ndiye tizilombo timene tili m'katimo timatha mpweya wotsalawo n'kusiya kudya ndi kuswana. Wophunzirayu wapeza mabanja 15 m'mudzi umodzi ku Dedza. Banja lililonse lasunga matumba atatu a makilogalamu 50, limodzi la njira iliyonse, kuyambira Juni mpaka Novembala. Pa tsiku lomanga matumba ndi pa tsiku lomasula, iye watapa njere 500 m'thumba lililonse n'kuwerenga zofumbwa.

Nachi chidule chimene ophunzira ambiri angalembe ulendo woyamba:

"Chimanga ndi chakudya chodalirika m'Malawi ndipo chimalimidwa m'zigawo zonse zitatu. Kuwonongeka kwa zokolola ndi vuto lalikulu m'maiko ambiri a mu Africa ndipo kumabwezera m'mbuyo chitukuko. Akatswiri osiyanasiyana alembapo za vutoli. Kafukufukuyu adzafufuza njira zosiyanasiyana zosungira chimanga. Njira zosiyanasiyana zinagwiritsidwa ntchito potolera ndi kusanthula zotsatira. Zotsatira zinaonetsa kuti pali kusiyana pakati pa njirazi. Boma ndi mabungwe akuyenera kuchitapo kanthu."

Chimamveka chaulemu, chophunzira. Koma tayesani kuphimba mawu akuti chimanga ndi chala, muikepo fodya kapena mtedza. Palibe chiganizo chimene chingasinthe. Chidule chimene chingakwanire pa lipoti la munthu wina aliyense si chidule cha lipoti lanu. Owerenga sakudziwa kuti njirazo ndi ziti, zinayesedwa kuti, pa matumba angati, ndipo inapambana ndi iti. Onaninso liwu lakuti "adzafufuza". Limeneli ndi phazi la wakuba pa dothi lonyowa: likusonyeza kuti chiganizocho chakoperedwa ku pulopozo, chikalata chija chimene wophunzira analemba asanayambe ntchito, pamene zonse zinali malonjezo. Lipoti likatha, ntchito inachitika kale. Cholinga, njira ndi zopeza zimalembedwa monga zinthu zakale: tinayerekeza, tinawerenga, tinapeza. Mphunzitsi wozolowera akaona "adza" m'chidule cha lipoti lomalizidwa amadziwiratu kuti tsambali silinalembedwe kuchokera ku lipotilo.

N'chifukwa chake chidule chimalembedwa pomaliza, ngakhale chimakhala koyambirira. Ndipo ine ndimalangiza kuti polemba musayambe ndi chiganizo choyamba. Yambani ndi zopeza. Tsegulani mutu wachinayi, muone matebulo anu, mudzifunse kuti mukanaloledwa kutchula manambala atatu okha, mukanatchula ati? Yankho lake lili m'zolinga zanu za m'mutu woyamba. Ngati munalonjeza kuyerekeza njira zitatu, manambala atatu a kuwonongeka kwa chimanga pa njira zitatuzo ndiwo ayenera kulowa. Zaka za eni mabanja, kukula kwa minda yawo, mtundu wa nyumba zawo, zonsezi munazilemba ndi thukuta ndipo zili m'matebulo, koma sizikuyankha funso. Zisiyeni m'lipoti. Apa m'pamene ophunzira amavutika mtima, chifukwa tebulo lililonse linawadyera ndalama ndi tulo. Koma paja ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada.

M'chitsanzo chathu, tinene kuti poyamba njere zofumbwa zinali 1 pa 100 m'matumba onse. Patatha miyezi isanu ndi umodzi zinali 38 pa 100 m'matumba opanda mankhwala ndi 11 pa 100 m'matumba a mankhwala. Ku matumba a PICS kuli kankhani. Matumba 13 anakhala bwinobwino ndipo m'menemo zofumbwa zinali 3 pa 100. Awiri anabooledwa ndi makoswe, mpweya n'kulowa, ndipo m'menemo zinafika 20 pa 100.

Apa tiime pang'ono, chifukwa m'pamene chidule chimayesa chilungamo cha wolemba. Wophunzirayu ali ndi njira zitatu zolembera. Akhoza kungolemba 3 pa 100 n'kukhala chete za makoswe. Nambalayi ndi yoona, koma owerenga adzaganiza kuti ndi ya matumba onse 15, ndiye kuti wawanamiza osanena bodza. Akhoza kuphatikiza matumba onse 15, n'kupeza 5 pa 100 kapena kupitirira pang'ono. Izi n'zachilungamo, koma zikubisa chinthu chimene mlimi angafune kumva kuposa china chilichonse, chakuti thumbali likabooka limaposedwa ndi thumba wamba la mankhwala. Njira yachitatu ndi kutchula zonse ziwiri. Imadya mawu khumi ndi asanu, ndipo mawu amenewo ayenera kupezeka, ngakhale zitatengera kudula chiganizo chonse cha kufunika kwa chimanga m'Malawi. Owerenga anu akudziwa kale kuti timadya nsima.

Zopeza zikakhala pa pepala, njira imadzilemba yokha, chifukwa ntchito yake ndi kuuza owerenga mlingo wokhulupirira manambala aja. Afunika kudziwa kuti munachita chiyani, kwa ndani kapena pa chiyani, angati, kuti, liti, ndipo munayeza bwanji. Nambala 38 ikhoza kuchokera pa matumba atatu kapena pa matumba 3,000, ndipo owerenga sangadziwe mukapanda kunena. Ikhoza kukhala ya njere zimene munawerenga nokha, kapena ya zimene alimi anakuuzani pongoganizira. Zimenezi n'zosiyana kutali. Chosafunika ndi mbiri ya ulendo wanu: kalata yochokera kwa amfumu, mtundu wa sikelo, dzina la pulogalamu ya pa kompyuta imene munawerengera. Ophunzira ambiri amakonda kutchula pulogalamuyo ngati kuti ndi umboni wa ukatswiri. Ngati dipatimenti sinalamule, mawu amenewo agwiritseni ntchito ina.

Kenako cholinga, m'chiganizo chimodzi, chotsogoleredwa ndi chiganizo chimodzi chonena vuto. Cholinga chabwino chimakhala ndi mneni woonetsa ntchito yeniyeni: kuyerekeza, kuyeza, kuwerenga, kufotokoza maganizo a gulu lakutilakuti. Mawu ngati "kuona za kasungidwe ka chimanga" sanena kanthu, chifukwa munthu akhoza kuona chinthu chaka chathunthu osapeza yankho.

Tikalumikiza zonsezi, chidule chikutuluka chonchi:

"Anankafumbwe amawononga chimanga chosungidwa m'matumba, ndipo alimi ang'onoang'ono ambiri amadalira mankhwala a ufa pochiteteza. Kafukufukuyu anayerekeza kuwonongeka kwa chimanga m'matumba osalowa mpweya a PICS, m'matumba wamba othiridwa mankhwala a ufa, ndi m'matumba wamba opanda mankhwala. Mabanja 15 a m'mudzi umodzi m'boma la Dedza anasunga matumba atatu a makilogalamu 50 banja lililonse, limodzi la njira iliyonse, kuyambira Juni mpaka Novembala. Pa tsiku lomanga matumba ndi pa tsiku lomasula, njere 500 zinatapidwa m'thumba lililonse ndipo zofumbwa zinawerengedwa. Poyamba zofumbwa zinali 1 pa 100 m'matumba onse. Patatha miyezi isanu ndi umodzi zinali 38 pa 100 m'matumba opanda mankhwala, 11 pa 100 m'matumba a mankhwala, ndi 3 pa 100 m'matumba 13 a PICS amene sanabooke. Matumba awiri a PICS anabooledwa ndi makoswe, ndipo m'menemo zofumbwa zinafika 20 pa 100. M'mabanja amenewa, kwa nyengo imodziyi, matumba a PICS anateteza chimanga kuposa mankhwala a ufa pokhapokha ngati sanabooke, choncho owagwiritsa ntchito ayenera kuwateteza ku makoswe. Kafukufukuyu sanayeze mtengo wa njira zitatuzi."

Mawu ake ndi pafupifupi 160, ndipo gawo limodzi mwa magawo atatu lapita ku zopeza. Ndi mmene ziyenera kukhalira. Pa malire a mawu 250, ine ndimapatsa vuto ndi cholinga mawu osapitirira 50, njira pafupifupi 70, zopeza 90, ndipo otsalawo ndi a mfundo yomaliza. Si lamulo lolembedwa pena pake, ndi mmene ndaonera kuti zimayenda. Koma mukawerenga mawu a gawo lililonse n'kupeza kuti mawu oyamba ndi ochuluka kuposa zopeza, dziwani kuti mwalemba malonje, uthenga simunaupereke.

Ziganizo ziwiri zomaliza zija zikufunika kuziyang'anitsitsa, pakuti ndi pamene ophunzira amene alemba bwino zina zonse amaterereka. Munthu akatopa ndi ntchito amafuna kuti ntchitoyo imveke yaikulu. Ndiye amalemba kuti kafukufukuyu watsimikiza kuti matumba a PICS ndi njira yabwino kwa alimi onse m'Malawi, kuti ndi otsika mtengo, kuti athetsa njala, kuti boma liwagawe ulere. Tafunsani chilichonse mwa izi: chachokera pa tebulo liti? Mudzi unali umodzi, ku Dedza kozizira. Sitikudziwa kuchokera m'lipotili zimene zingachitike ku Nsanje kapena ku Chikwawa kotentha. Nyengo inali imodzi. Mtengo sunayezedwe, ndipo thumba la PICS limagulidwa mokwera kuposa saka wamba, kotero funso la ndalama ndi lenileni ndipo likufuna kafukufuku wakewake. Mfundo yomaliza iyenera kukhala yofanana msinkhu ndi njira. Ngati njira ikuti mabanja 15, mfundo isanene za dziko. Mawu akuti "m'mabanja amenewa, kwa nyengo imodziyi" sachepetsa ntchito ya wophunzira. Kwa mphunzitsi wochonga, ndiwo amene amasonyeza kuti mwanayu wamvetsa chimene kafukufuku ali.

Njira yosavuta yodzigwirira ndi iyi. Ikani chiganizo cha cholinga pafupi ndi chiganizo cha mfundo yomaliza, zina zonse muziphimbe. Chachiwiricho chiyenera kumveka ngati yankho la choyambacho. Cholinga chikati kuyerekeza kuwonongeka pa njira zitatu, mfundo iti njira iyi inateteza kuposa iyi. Ngati cholinga chikunena za anankafumbwe koma mfundo ikunena za kuchepa kwa alangizi a zaulimi, ndiye kuti penapake wolemba analumpha mpanda n'kulowa m'munda wa eni.

Pali enanso amene amachita manyazi ndi zopeza zawo. Tinene kuti wophunzira uja anapeza kuti matumba a PICS ndi matumba a mankhwala sanasiyane kwenikweni. Amaona ngati walephera, ndiye amazemba, n'kudzaza chidule ndi zinthu zina zimene anazipeza m'mbali. Palibe cholakwa kulemba kuti sipanapezeke kusiyana. Ndi yankho, ndipo kwa mlimi ndi yankho lothandiza. Amene anagwiritsa ntchito masamu oyesera ngati kusiyana kwangochitika mwamwayi akhoza kuika chizindikiro chake, monga p < 0.05, koma asaiwale kuti chizindikirochi pachokha sichinena kukula kwa kusiyanako. Kulemba kuti panali kusiyana kotsimikizika osatchula 38, 11 ndi 3 kuli ngati kuuza munthu kuti mpira watha ndipo wina wapambana, osanena timu kapena zigoli.

Samalaninso ndi mawu akuti "ambiri". Ambiri akhoza kukhala anthu 51 pa 100 kapena 95 pa 100. Ndipo ngati munafunsa anthu ochepa, nenani nambala yeniyeni. Anthu 9 mwa 12 ndi mawu oona. Kulemba kuti 75 pa 100 kukupangitsa owerenga kuganiza kuti munafunsa gulu lalikulu.

Wina anganene kuti zonsezi n'za a manambala, nanga ife amene tinakhala pansi n'kucheza ndi anthu? Wophunzira za chikhalidwe cha anthu amene anacheza ndi amayi khumi ogulitsa mumsika za mmene amasungira ndalama ku banki m'khonde alibe tebulo la maperesenti. Koma funso la supavaiza ndi lomwelo. Kulemba kuti "panatuluka mfundo zikuluzikulu zitatu" n'kusiyira pomwepo ndi matenda omwe aja. Zitchuleni mfundozo. Amayiwo anati chiyani, anagwirizana pati, anasiyana pati? Chimodzimodzi wa zolembalemba amene wasanthula mabuku awiri a nthano: anene mabukuwo, anene diso limene anawaonera, ndipo anene chimene akutsutsa kapena kutsimikiza.

Popeza chidule chimayenda chokha, chisadalire chinthu chimene chili kwina. Musalembe kuti onani tebulo lachinayi, pakuti wowerenga pa foni alibe tebulolo. Musatchule mabuku a anthu ena ndi zaka zake monga mumachitira m'mutu wachiwiri. Mayina ofupikitsidwa achepe, ndipo amene sangapeweke afotokozedwe pamene atchulidwa koyamba. M'chitsanzo chathu mawu akuti "osalowa mpweya" ali pafupi ndi PICS pa chifukwa chimenechi. Pansi pake madipatimenti ambiri amafuna mawu ofufuzira, atatu mpaka asanu. Sankhani amene munthu wofuna lipoti lanu angalembe pofufuza: chimanga, anankafumbwe, matumba a PICS, Dedza. Mawu ngati chitukuko kapena umphawi adzakumizani m'nyanja ya malipoti ena.

Tsopano vuto limene limaoneka laling'ono koma limagwira ngakhale akuluakulu. Wophunzira amalemba chidule Lolemba. Lachiwiri supavaiza amapeza kuti tebulo lina linawerengedwa molakwa, 11 ikhale 13. Wophunzira amakonza mutu wachinayi, amakonza wachisanu, n'kuthamangira kosindikiza. Tsamba loyamba likadali ndi 11. Musaganize kuti n'za ana a sukulu okha. Mu 1999 magazini ya JAMA inatulutsa kafukufuku wa Roy Pitkin ndi anzake, amene anayerekeza zidule ndi nkhani zake m'magazini asanu ndi limodzi otchuka a zachipatala. Anapeza kuti zidule zokhala ndi zinthu zosagwirizana ndi nkhaniyo, kapena zosapezeka n'komwe m'nkhaniyo, zinali pakati pa 18 ndi 68 pa 100 malinga ndi magazini. Amenewo ndi magazini okhala ndi akonzi olipidwa. Ndiye wophunzira wa maso ofiira usiku wa Lachiwiri asadzikhulupirire. Asindikize tsambalo, atenge cholembera, ndipo pamwamba pa nambala iliyonse alembe tsamba la m'lipoti pamene nambalayo ili. Imene yasowa tsamba ichoke kapena ikonzedwe. Ntchitoyi imatenga mphindi khumi, ndipo ichitike pambuyo pa kukonza komaliza, osati patsogolo pake.

Kuwerenga mawu sikufuna chala. Mu Microsoft Word, sankhani ndime yokhayo ya chidule, mupite pa Review kenako Word Count, kapena muyang'ane m'munsi kumanzere. Mukapanda kusankha ndimeyo, kompyuta ikupatsani mawu a lipoti lonse. Mawu akapitirira malire, musayambe ndi kudula liwu apa ndi apo. Yang'anani chiganizo chathunthu chimene chingachoke popanda owerenga kutaya kanthu, ndipo kawirikawiri chimakhala choyamba. Kenako fufuzani timawu todzaza malo, monga "zotsatira za kafukufukuyu zinaonetsa kuti" ndi "n'kofunika kudziwa kuti". Owerenga akudziwa kale kuti akuwerenga zotsatira.

Ndinene chimodzi chokhudza chilankhulo. Malipoti ambiri m'mayunivesite athu amalembedwa m'Chingerezi, ndipo chitsanzo ndapereka chija chikamasuliridwa chidzatalika, chifukwa Chichewa chimamanga zambiri m'liwu limodzi. "Tinawafunsa" ndi liwu limodzi, koma m'Chingerezi ndi atatu. Choncho musayeze malire pa Chichewa n'kuganiza kuti mwakwanitsa. Komabe ndaona kuti kuyamba kunena zopeza m'chilankhulo chakwanu kumathandiza kwambiri. M'Chingerezi cha m'kalasi muli mawu ambiri okonzedwa kale amene munthu angabisalemo, n'kulemba tsamba lathunthu lomveka bwino lopanda kanthu. M'Chichewa, pamaso pa munthu amene akukuyang'ana, kubisala n'kovuta.

N'zimene tinachita usiku uja. Ndinamuuza kuti atseke laputopu.

"Tiyerekeze kuti ndine amayi ako, ndakulipirira fizi zaka zinayi. Kumudzi kuja unapita kukatani?"

Anayankha m'chiganizo chimodzi.

"Unafunsa anthu angati, kuti, liti?"

Anayankhanso, osayang'ana pena paliponse.

"Nanga anakuuza chiyani?"

Apa anayamba kulankhula mofulumira, manja akuyenda, akutchula manambala amene ndinali ndisanawaone pa tsamba lija, ndi chinthu china chimene chinamudabwitsa iye mwini atafika kumudziko. Ine ndinkangolemba kuseri kwa envelopu. Atamaliza ndinamupatsa envelopuyo kuti aike m'Chingerezi. Anawerenga, n'kundiyang'ana mokayika.

"Amalume, koma zimenezi si zophweka kwambiri? Sizikumveka ngati za ku yunivesite."

Ndinamuuza kuti atumize choncho, ndipo ngati supavaiza abweza kachitatu, mlandu ukhale wanga. Anatsegula laputopu, n'kufufuta ndime ziwiri zoyamba zija. Atawerengetsa mawu anapeza kuti atsala ndi malo a ziganizo zina ziwiri, ndipo tinakangana kwa kanthawi ngati malowo apite ku nambala ina ya m'tebulo lachitatu kapena ku mawu onena kuti anafunsa m'mudzi umodzi wokha. Iye ankafuna nambalayo. Mudzi umodzi unalowa, nsima itazizira kale pa tebulo.